Manotsi apafoni asanduke mafunso a A, B, C, D

Mayeso a MANEB akayandikira, mafoni a ana asukulu ndi a makolo awo amadzaza ndi zithunzi za makope. Wina anajambula manotsi a mnzake chifukwa tsiku lomwe ankalemba iye anadwala, wina anatumiziridwa ndi msuweni wake wa kusekondale yogonera konko, winanso anajambula tsamba la buku lomwe pasukulu ponse lilipo limodzi lokha. Zithunzizi zimazungulira pa WhatsApp, ndipo ambiri amangoziwerenga mobwerezabwereza mpaka maso kuwawa. Kuwerenga kotere kumanamiza. Tsamba ukaliona kangapo umalizolowera, ndiye umayamba kuganiza kuti zonse zalowa m'mutu, koma akakulanda foni n'kukufunsa, kukamwa yasa.

Mu 2006, akatswiri awiri a ku America, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, anaonetsa kuti ophunzira omwe anawerenga nkhani kenako n'kuyesedwa ankakumbukira zambiri patatha sabata, kuposa anzawo omwe anangoiwerenga mobwerezabwereza. N'chifukwa chake mphunzitsi, kholo kapena gulu la ophunzira likasandutsa manotsi kukhala mafunso osankha yankho, limakhala lachita chanzeru. Koma Roediger yemweyo, pamodzi ndi Elizabeth Marsh, anali atachenjeza kale mu 2005 kuti mafunso a mtunduwu ali ndi mbola yake. Pa mayankho anayi, atatu amakhala abodza, ndipo mwana akasankha labodza osauzidwa kuti walakwa, bodzalo limatha kukhazikika m'mutu mwake ngati choonadi. Choncho mafunso opanda kiyi yodalirika, ndiye kuti mndandanda wa mayankho olondola wochongera, akhoza kuwononga mwana m'malo momuthandiza.

Tiyeni titenge tsamba limodzi tiyende nalo. Tiyerekeze kuti ndi manotsi a phunziro la zaulimi, olembedwa pamanja m'kope, pa mutu wa kabzalidwe ka chimanga. Tsambalo likuti mizere italikirane masentimita 75, mapando atalikirane masentimita 25, ndipo paphando pabzalidwe mbewu imodzi, njira yomwe alimi ambiri amaitcha Sasakawa. Likutinso feteleza wokulitsa ndi 23:21:0+4S, wobereketsa ndi yuriya, ndipo yuriya ali ndi nayitrojeni wokwana 46 peresenti. Kusukulu manotsi otere ndi mayeso ake amakhala m'Chingerezi, koma pano tiziika zonse m'Chichewa kuti tonse tiyendere limodzi.

Vuto loyamba limabadwa funso lisanalembedwe n'komwe, pojambula penipeni. Tsamba lijambulidwe masana pamthunzi, monga pakhonde, osati padzuwa lowala kwambiri kapena usiku ndi tochi ya foni, chifukwa kuwala kumanyezimira papepala n'kufufuta zolembedwa ndi pensulo. Foni ikhale pamwamba penipeni pa tsamba, yosapendekeka, ndipo ngodya zonse zinayi za pepala zioneke. Chithunzi chimodzi chitenge tsamba limodzi. Pakati pa buku, pomwe mapepala amapindikira mkati, m'pomwe mawu amabisala, ndiye wina atsindike ndi zala kuti pepala ligone. Mawu a kumapeto kwa mzere akadulidwa, chiganizo chimatha kutembenuka: kamawu kokaniza kakasowa, zomwe mphunzitsi analetsa zimaoneka ngati analamula. Potumiza pa WhatsApp, chithunzi chotumizidwa mwachizolowezi chimachepetsedwa mphamvu kuti chisadye bandulo, ndipo manambala ang'onoang'ono ndiwo amayamba kufufutika. Mukachitumiza ngati Document chimafika momwe chinajambulidwira. Njira yodziwira ngati chithunzi chili bwino ndi yosavuta: kulitsani pomwe pali nambala yaing'ono kwambiri. Ngati mukuchita kuganizira kuti kaya ndi 3 kaya ndi 8, jambulaninso.

Kenako mawu achotsedwe pachithunzi. Ena amakopera pamanja, ena amagwiritsa ntchito Google Lens, yomwe imazindikira zilembo pachithunzi n'kukulolani kuzikopera. Pa zolembedwa ndi makina imachita bwino ndithu. Pa zolemba pamanja imapunthwa, ndipo imapunthwa mwakachetechete, osakuuzani kuti apa ndakayika. Patsamba lathuli pali misampha iwiri. Nambala 7 yolembedwa mothamanga imafanana ndi 1, motero masentimita 75 akhoza kutuluka ngati 15. Chilembo S chimafanana ndi 5, motero 23:21:0+4S akhoza kutuluka ngati 23:21:0+45. Liwu likalakwika maso amaliona msanga chifukwa silimveka, koma nambala yolakwika imaoneka bwinobwino ngati nambala iliyonse.

Apa m'pofunika munthu wodziwa munda. Mizere yotalikirana masentimita 15 siingatheke, chifukwa mpata umenewo ndi wosakwana n'chikhatho chotambasula chomwe, ndipo mukawerengera mupeza mbewu zoposa 266,000 pa hekitala imodzi. Aliyense amene anagwirapo khasu aona kuti pali cholakwika. Koma si nambala zonse zomwe zimadziulula chonchi. Ndiye mwambo wabwino ndi wakuti anthu awiri akhale pansi, wina aziwerenga mokweza zomwe zakoperedwa, mnzake akuyang'ana pachithunzi, nambala iliyonse ndi dzina lililonse. Pomwe chithunzi sichikuoneka bwino ndipo kope lenileni lili kutali, musalembepo funso. Kulumpha mzere umodzi kuli bwino kusiyana n'kuphunzitsa gulu lonse nambala yongopeka.

Tsamba likakhala loyera, chiyeso chomwe chimabwera n'chofuna kufunsa mzere uliwonse. Zotsatira zake amakhala mafunso makumi awiri ofanana, onse ofunsa kuti ndi masentimita angati, ndi peresenti ingati, ndipo mwana woloweza amakhoza onse asanamvetse chilichonse. Tsamba limodzi la kope kawirikawiri limakwanira mafunso asanu kapena asanu ndi limodzi. Awiri akhoza kufunsa zokumbukira, koma enawo amukakamize mwana kugwiritsa ntchito zomwe wawerenga: awerengere, afotokoze chifukwa, kapena asankhe chochita m'munda wongoyerekeza.

Funso likhale lomveka palokha, moti mutaphimba mayankho ndi dzanja, mwana wodziwa ayankhe ndithu. Funso longoti "Chimanga..." kenako mayankho anayi osagwirizana silikufunsa kanthu. Nali funso lochokera patsamba lathu:

Mlimi wapanga mizere yotalikirana masentimita 75 ndipo wabzala mbewu imodzi paphando, mapando otalikirana masentimita 25. Zonse zikamera, akhala ndi mbewu zingati pa hekitala imodzi?
A. 5,333
B. 13,333
C. 40,000
D. 53,333

Yankho ndi D. Hekitala ili ndi masikweyamita 10,000, mbewu imodzi ikutenga malo a 0.75 kuchulukitsa ndi 0.25, omwe ndi 0.1875, ndipo 10,000 kugawa ndi 0.1875 ndi 53,333. Koma luso la funsoli lili pa mayankho atatu olakwikawo, chifukwa palibe limene langotoledwa pamsewu. Amene wasankha A akuganiza kuti hekitala ili ndi masikweyamita 1,000. Amene wasankha B wagawa ndi 0.75 yekha, wayiwala mapando. Amene wasankha C wagawa ndi 0.25 yekha, wayiwala mizere. Mphunzitsi akaona kuti theka la kalasi lathamangira C, wadziwa kale choti akabwereze mawa. Mayankho osokoneza abwino amachokera m'zolakwa zenizeni za ana, ndipo malo abwino owapeza ndi m'makope omwe munachonga kale, pomwe panadutsa cholembera chofiira.

Yerekezani ndi funso lomwe limalembedwa ndi munthu wotopa: feteleza wobereketsa ndi uti, yuriya, laimu, mchenga kapena sopo? Mchenga ndi sopo aliyense awataya asanaganize. Kwatsala awiri, ndipo mwana wosawerenga ali ndi mwayi wa theka. Masamu ake ndi awa: pa mafunso 20 a mayankho anayi, wongolotera amapeza pafupifupi 5, koma ngati funso lililonse lili ndi mayankho awiri opusa, wongolotera yemweyo amafika cha pa 10 n'kumadziona ngati wakonzeka. Mu 2005, Michael Rodriguez anasanthula kafukufuku wa zaka 80 n'kupeza kuti mayankho atatu amakwanira pa mafunso ambiri, chifukwa lachinayi nthawi zambiri limakhala longodzazira malo. Ine ndimaonabe kuti wokonzekera mayeso a MANEB azolowere anayi, poti ndi omwe akakumane nawo. Koma ngati lachinayi lanzeru lakana kupezeka, ndi bwino kusiya atatu kusiyana n'kuikapo sopo.

Pali msampha wina wobisika kwambiri, womwe ngakhale aphunzitsi akale amagweramo: mwana kupeza yankho lolondola panjira yolakwika. Titenge mzere wa yuriya uja. Funso lobwera msanga m'mutu ndi lakuti, m'thumba la yuriya la makilogalamu 50 muli nayitrojeni wochuluka bwanji? Yankho ndi makilogalamu 23, chifukwa 46 peresenti ya 50 ndi 23. Koma patsamba lomwelo pali 23:21:0+4S. Mwana yemwe sadziwa kuwerengera peresenti, koma akukumbukira kuti nambala 23 anaiona pafupi ndi mawu akuti feteleza, asankha 23 n'kukhoza. Mukati musinthe akhale matumba awiri, yankho likhala 46, ndipo woloweza "46" uja akhozanso osawerengera. Matumba atatu ndiwo amatseka mipata yonse iwiri:

Mlimi wathira matumba atatu a yuriya, lililonse la makilogalamu 50. Wathira makilogalamu angati a nayitrojeni?
A. 34.5
B. 46
C. 69
D. 138

Yankho ndi C, chifukwa 46 peresenti ya makilogalamu 150 ndi 69. Wosankha A wagwiritsa ntchito 23 peresenti ya feteleza wokulitsa. Wosankha B wangotenga peresenti ngati makilogalamu. Wosankha D wachulukitsa 46 katatu, ngati kuti thumba lililonse muli makilogalamu 46. Onaninso kuti manambala asanjidwa kuyambira laling'ono kufika lalikulu. Kusanja kotere kumathandiza mwana kuwerenga msanga, komanso kumachotsa dzanja la wolemba pa nkhani yoti yankho likhale pa chilembo chiti.

Ana ochenjera amawerenganso wolemba mafunso, osati mafunso okha. Amadziwa kuti yankho lalitali kwambiri, lofotokozedwa mosamala, nthawi zambiri ndilo lolondola, chifukwa wolemba amalikonza kuti lisatsutsike pomwe enawo amangowaponya. Amadziwa kuti yankho lokhala ndi mawu akuti "nthawi zonse" kapena "sizichitika konse" kawirikawiri limakhala labodza. Pa mafunso a m'Chichewa, mgwirizano wa mawu nawo umaulula chinsinsi: funso likati "Ndi ziti zimene..." koma yankho limodzi lokha ndilo lili lochulukitsa, mwadziyankhira nokha. Yankho lakuti "zonsezi n'zoona" nalonso n'losathandiza, chifukwa mwana akangotsimikiza ziwiri, chachitatu safunikanso kuchidziwa. Ndipo funso lokaniza, lofunsa chomwe sichili choona, likhale la apo ndi apo, mawu okanizawo atsekedwe mzere kunsi kuti wothamanga asawadumphe.

Tsopano kiyi. Ambiri amailemba pomaliza, atatopa, ngati mzere wa zilembo: 1 D, 2 C, 3 A. Kiyi yotere ndi yosalimba. Mukangosuntha funso limodzi kapena kusinthanitsa mayankho awiri, zilembo zonse zimasokonekera ndipo palibe chokuuzani. Kiyi ilembedwe nthawi yomweyo funso likulembedwa, ndipo pa funso lililonse pakhale nambala yake, chilembo, mawu enieni a yankho, malo pomwe lachokera, ndi chifukwa chachidule. Pa funso la yuriya lija ingaoneke chonchi:

Funso 2: C, makilogalamu 69. Chithunzi choyamba, mzere wa yuriya. Matumba atatu ndi makilogalamu 150, ndipo 46 peresenti yake ndi 69. A ndi peresenti ya wokulitsa, B ndi peresenti yosawerengera, D ndi 46 katatu.

Kulemba malo pomwe yankho lachokera kumaoneka ngati ntchito yowonjezera, mpaka tsiku lomwe mwana adzatsutse. Pamenepo simukangana, mumangotsegula chithunzi. Kumathandizanso pa vuto lina lomwe manotsi oyendayenda pafoni ali nalo: ukalamba. Makope ambiri amatchulabe 23:21:0+4S, koma mwana akapita kogulitsa zipangizo zaulimi akhoza kupeza thumba la feteleza wokulitsa lolembedwa 23:10:5+6S+1.0Zn. Mukafunsa kuti feteleza wokulitsa chimanga ndi uti n'kuika onse awiri pa mayankho, funso lili ndi mayankho awiri olondola, ndipo mwana wa mlimi yemwe amadziwa zenizeni ndi amene mumulakwitse. Manotsi ena akale amaphunzitsanso mizere ya masentimita 90, mapando a masentimita 90 ndi mbewu zitatu paphando, zomwe zimapereka mbewu pafupifupi 37,000 pa hekitala. N'chifukwa chake funso lathu loyamba lija linatchuliratu mipata yake m'malo mongofunsa kuti pa hekitala pamakhala mbewu zingati. Chithunzi chimangokuuzani zomwe wina analemba m'kope. Ngati n'zoona, kapena ngati n'zimene silabasi ya chaka chino ikufuna, mukaone m'buku lovomerezeka kapena mufunse mphunzitsi wa phunzirolo.

Mukamaliza, yang'anani zilembo za kiyi kuchokera pamwamba mpaka pansi. Olemba ambiri, mosadziwa, amabisa yankho pakati, pa B kapena C, ndipo ana anazitulukira kalekale. Pa mafunso 20, chilembo chilichonse chioneke kanayi, kasanu kapena kasanu n'kamodzi, popanda ndondomeko yoti wina n'kuilotera. Kenako perekani mafunsowo kwa munthu wina wodziwa phunzirolo awayankhe asanaone kiyi. Paliponse pomwe iye ndi kiyi asiyana, wina mwa awiriwo walakwa, kapena funsolo lili ndi matanthauzo awiri.

Omwe ali ndi intaneti akhoza kuika mafunsowa pa Google Forms. Mu Settings mumatsegula Make this a quiz, ndipo pa funso lililonse pamabwera Answer key pomwe mumasankha yankho lolondola, malikisi ake, ndi mawu ofotokozera wolakwa. Pali kusankha kwina kotchedwa Shuffle option order, komwe kumasakaniza mayankho kuti ana oyandikana asaonerane. Mukakutsegula, kiyi ya zilembo yapapepala ija yatha ntchito, chifukwa yankho lomwe lili lachitatu kwa uyu likhoza kukhala loyamba kwa mnzake, ndipo apa m'pomwe kulemba mawu enieni a yankho kumapulumutsa. Kopanda intaneti, bolodi ndi choko zimagwira ntchito yomweyo. Chachikulu n'choti kiyi isayende limodzi ndi mafunso, koma isachedwenso. Mwana ayankhe kaye, kenako tsiku lomwelo kapena mawa lake aone mayankho ndi zifukwa zake, yankho labodza lija lisanamere mizu.

Mafunso akayankhidwa, mapepala a ana amasanduka woyesa mafunsowo. Njira yake ndi yakale, ndipo chiwerengero chomwe amagwiritsa ntchito, 27 peresenti, chinachokera kwa Truman Kelley mu 1939. Tiyerekeze kalasi ya ana 60. Sanjani mapepala kuyambira wokhoza kwambiri mpaka wotsiriza, mutenge 16 apamwamba ndi 16 apansi, apakatiwo muwaike pambali. Pa funso lililonse werengani kuti m'gulu lililonse akhoza angati. Tinene kuti pa funso la yuriya apamwamba akhoza 14, apansi 6. Chotsani 6 pa 14, mugawe ndi 16, mupeza 0.5. Funsolo likusiyanitsa bwino wodziwa ndi wosadziwa. Kawirikawiri 0.3 kapena kuposa ndi chizindikiro chabwino, ndipo funso lotsika pansi pa 0.2 liyenera kuonedwanso. Funso lomwe onse 32 akhoza lipereka 0, ndipo silinakuuzeni zambiri, ngakhale limodzi kapena awiri otere koyambirira amalimbitsa mtima wa ana amantha.

Choopsa ndi pomwe apansi akhoza kuposa apamwamba. Tinene kuti pa funso la feteleza wokulitsa kiyi ikuti A, koma mwa apamwamba 16, khumi asankha B, pomwe apansi ambiri ali pa A. Ana okhoza sangagwirizane kulakwa pamalo amodzi popanda chifukwa. Mwina kiyi inalembedwa molakwika, mwina B nayenso ndi woona monga zinalili ndi matumba awiri a feteleza aja, kapena nambala inasintha pokopera kuchoka pachithunzi. Bwererani ku mzere womwe kiyi ikuloza, muuyerekeze ndi buku. Yang'ananinso yankho lomwe palibe mwana ndi mmodzi yemwe walisankha: limenelo silikugwira ntchito, lichotsedwe, ndipo m'malo mwake mulowe cholakwa chomwe ana amachitadi. Mukapeza kuti kiyi ndiyo inalakwa, chongani funsolo kachiwiri pa mapepala onse, mubweze malikisi kwa omwe anawataya, ndipo kiyi yokonzedwayo itumizidwe kulikonse komwe yoyamba inafika, yolembedwa tsiku pamwamba kuti ziwirizo zisasokonezeke.